Funso la mayeso: dayilekitala wagula matabwa kwa mkazi wake, kenako watenga yekha kontirakiti ya madesiki

NyaLuwinga
Anzanga a pepala la malamulo a makampani, ndithandizeni funso ili la malikisi 25. Mfundo ndikuziona koma ndondomeko yake ikundivuta.

Kampani ina ya ku Luwinga imapanga mipando ndi madesiki. Ili ndi madayilekitala atatu, omwenso ndi eni masheya: Bambo A ali ndi masheya 55 pa 100 ndipo ndiwo amayendetsa ntchito tsiku ndi tsiku, Mayi B ali ndi 25, Bambo C ali ndi 20. Mu Januwale bodi inavomereza kugula matabwa a paini 2,000 pa mtengo wa K24,000 lililonse, zonse K48 miliyoni, kwa kampani ina ya ku Chikangawa. A ndiwo anabweretsa ganizoli ndipo anavota nawo. Sananene kuti mwini kampani ya ku Chikangawayo ndi mkazi wawo. B ankadziwa za mayiyo chifukwa anamva pa ukwati wina, C sankadziwa. Matabwa otere pamsika anali pa K20,000, ndipo mkazi wa A anawapeza pa K17,000. Matabwa onse anagwiritsidwa kale ntchito.

Mu Malichi, A atapita kukasiya mipando pa sukulu ina yomwe si yaboma ku Ekwendeni, mwini sukulu anawauza kuti akufuna madesiki 600. Mwezi wapitawo bodi inali itagwirizana kuti kampani ilibe ndalama zolandirira maoda akuluakulu chaka chino. A sanauze bodi za madesikiwo. Analembetsa kampani yawoyawo, natenga kontirakiti ya K72 miliyoni, nawononga K57 miliyoni. C atazitulukira, A anaitanitsa msonkhano wa eni masheya, ndipo ndi mavoti awo 55 anadutsitsa chigamulo chovomereza zonse zimene anachita. Langizani Bambo C.

Chibavi92
Yophweka iyi. A anaba, akamangidwe basi.

Mlembi_wa_Bodi
A Chibavi, mukalemba choncho wochonga alibe pokupatsirani malikisi. Funso silikunena za mlandu wa kupolisi. Likufunsa udindo umene dayilekitala ali nawo kwa kampani, ngati anauphwanya, chimene kampani ingapeze, ndiponso amene ali ndi mphamvu yopita kukhothi. Mawu oti "langizani Bambo C" sanaikidwe mwangozi. C ndi mwini masheya ochepa, ndiye nkhani ya amene angasume ndi gawo lalikulu la yankho.

A NyaLuwinga, musanalembe chilichonse gawani nkhaniyo pawiri. Matabwa ndi malonda amene kampani yeniyeniyo inachita, dayilekitala ali ndi phazi mbali zonse ziwiri. Madesiki ndi mwayi umene kampani sinauone n'komwe chifukwa dayilekitala anaupatutsira kwake. Zonsezi ndi kuwombana kwa zofuna za munthu ndi za kampani, koma malamulo ake ndi milandu yake ndi yosiyana, ndipo ambiri amataya malikisi pozisakaniza m'ndime imodzi.

Chibavi92
Chabwino, koma pa matabwa ine sindikuona vuto kwenikweni. Kampani ya ku Chikangawa ndi ya mkazi, si ya A. Tinaphunzira pa mlandu wa Salomon kuti kampani ndi munthu payekha. Ndiye A akuulula chiyani poti alibemo sheya ngakhale imodzi?

Dada_wa_Maakaunti
Mlandu wa Salomon wa 1897 mwaukumbukira bwino, achimwene, koma mwauika pamalo posayenera. Uja umayankha funso loti ngongole ya kampani ndi ya ndani. Pano palibe amene akuti A alipire ngongole ya kampani ya mkazi wawo. Funso ndi loti, pamene A ankakweza dzanja kuvomereza K24,000 pa thabwa, mtima wawo unali mbali imodzi kapena ziwiri? Monga dayilekitala wa wogula amayenera kufuna mtengo wotsika. Monga mwamuna wa wogulitsa, mtengo ukakwera ndalama zikulowa m'nyumba mwawo. Lamulo limati kukhudzidwa kukhoza kukhala kwachindunji kapena kodzera mwa wina, ndipo mkazi kapena mwamuna wa dayilekitala ndi chitsanzo choyambirira cha kodzera mwa wina. Wochonga anaika mkazi dala kuti aone ngati mukudziwa zimenezi.

Kaning'ina
Nanga poti B ankadziwa? Pa anthu atatu, awiri ankadziwa, A ndi B. Ambiri a bodi ankadziwa ndiye kuti bodi inkadziwa.

Mlembi_wa_Bodi
Ayi. Kuulula kumapita kwa bodi yonse, osati kwa theka lake, ndipo kumva mphekesera pa ukwati si kuululidwa. Dayilekitala amayenera kunena mtundu wa kukhudzidwa kwake ndi kukula kwake, malonda asanachitike. Pamsonkhano weniweni zimayenda motere: mfundo ya matabwa isanakambidwe, A amayenera kunena kuti kampani yogulitsayo ndi ya mkazi wawo, masheya onse, ndipo ipindula pa malondawa. Mlembi amalemba mawu amenewo m'maminitsi. Kenako amatsegula malamulo oyendetsera kampaniyo kuona ngati dayilekitala wokhudzidwa amaloledwa kuvota ndiponso kuwerengedwa pa chiwerengero chokwanira msonkhano. Makampani ena amalola, ena amati atuluke panja. Funso lathu silinatiuze, ndiye mu yankho mumanena kuti zimenezo ziyenera kuonedwa.

Mfundo ya a Kaning'ina ili ndi pogwira pang'ono. Lamulo la makampani la ku Britain la 2006, gawo 177, limati palibe chifukwa choululira chinthu chimene madayilekitala enawo akuchidziwa kale. Koma likunena enawo onse. C sankadziwa, ndiye ngakhale mutayeza ndi muyeso wofewa umenewo A sakupulumuka.

Kaning'ina
Ndamva. Koma B nawonso ndiye ali ndi mlandu, anakhala chete akudziwa.

Dada_wa_Maakaunti
Eya, ndipo pamenepo pali malikisi amodzi kapena awiri amene ambiri amawasiya. B sanapindule, ndiye si nkhani ya kuwombana kwa zofuna. Ndi nkhani ya kugwira ntchito mosamala ndi kuganiza paokha. Dayilekitala wodziwa kuti wogulitsa ndi mkazi wa mnzake amayenera kufunsa pamsonkhanopo, kapena kupempha makotesheni kwa ogulitsa ena. Ziganizo ziwiri zokwana, musathere tsamba pa B.

Masasa_Mz
Pepani ndilowereko. Gawo 177 mukunenali ndi la ku Britain, ife tili ku Malawi. Timaloledwa kulilemba pa mayeso?

Mlembi_wa_Bodi
Funso labwino kwambiri. Lamulo limene likugwira ntchito kuno ndi Lamulo la Makampani la 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016 kulowa m'malo mwa la 1984. Limeneli ndilo muyambire, ndipo nambala za zigawo zake muzitenge m'buku la lamulolo, osati m'mabuku a ku Britain, chifukwa manambala safanana ngakhale pamene mawu akuyandikana. Ndaonapo mayankho olemba gawo 175 ngati kuti ndi lathu. Lamulo la ku Britain la 2006 si lamulo la Malawi, mumangolitchula poyerekeza ndipo munene kuti mukuyerekeza.

Milandu ndi nkhani ina. Dziko lino linalandira malamulo ochokera m'zigamulo za makhothi a ku Mangalande monga analili pa 11 Ogasiti 1902, ndipo zigamulo za pambuyo pake makhothi athu amazilemekeza ndi kuzigwiritsa ntchito ngakhale sizimawamanga manja. Udindo wa madayilekitala umene unalembedwa mu lamulo la 2013 unachokera m'milandu imeneyo, ndiye ndiyo imathandiza kutanthauzira mawu ake.

Mwana_wa_Zolozolo
Ine yanga si ya mayeso koma ikufanana. Kampani ya banja lathu imachita lendi shopu ya amalume omwenso ndi dayilekitala. Aliyense akudziwa kuti nyumbayo ndi yawo. Ndiye kuti takhala tikuphwanya lamulo?

Dada_wa_Maakaunti
Kuchita malonda ndi dayilekitala sikoletsedwa, choletsedwa ndi kuchita mobisa. Poti aliyense akudziwa, vuto lanu ndi laling'ono, koma zilembeni. Pamsonkhano wotsatira amalume anene kuti nyumbayo ndi yawo ndipo lendi ndi yakuti pamwezi, zilowe m'maminitsi, ndipo lendi ikamakwezedwa iwo asakhale nawo pa chigamulocho. Sungani umboni wa mitengo ya mashopu oyandikana nawo. Lero mukugwirizana, koma masheya akadzapita kwa ana kapena kwa mlendo, chimene chidzawerengedwe ndi pepala.

NyaLuwinga
Tibwerere ku madesiki chonde, ndi pamene pakundizunguza mutu. Bodi inanena yokha kuti ilibe ndalama za maoda akuluakulu. Kampani sikanatha kutenga kontirakitiyo. Ndiye yataya chiyani? Munthu ungamulipiritse bwanji chinthu chimene sunataye?

Chibavi92
Apa ndikugwirizana ndi achemwali. Mwayi kampani inaukana yokha.

Dada_wa_Maakaunti
Apa ndi pamtima pa funso lonse, ndiye ndichedwepo.

Kampani sikufunika kuonetsa kuti yataya kanthu. Mu mlandu wa Regal Hastings ndi Gulliver wa 1942, kampani ya nyumba yoonetsera kanema inkafuna kutenga nyumba zina ziwiri kudzera mu kampani yaing'ono imene inakhazikitsa. Pankafunika masheya a mapaundi 5,000, koma Regal inali ndi mphamvu yogula a 2,000 okha. Madayilekitala anagula ena mwa otsalawo ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndi mtima wabwino, kuti malondawo atheke. Masheya atagulitsidwa anapindula. Khothi linawalamula kubweza phindulo ku kampani, ngakhale sananame, ngakhale kampani inalibe ndalama, ngakhale kampaniyo inapindula nawo. Chifukwa chake n'chakuti mwayiwo anaupeza chifukwa cha udindo wawo ndiponso ali mkati mogwira udindowo.

Ganizirani chifukwa chake lamulo lili louma chonchi. Amene amadziwa ngati kampani ingapeze ndalama kapena ayi ndi dayilekitala yemweyo. Mukamulola kunena kuti kampani inalibe ndalama ndiye ndatenga ine, sadzalimbikiranso kukafuna ngongole kubanki kapena kupempha kasitomala kuti alipireko theka poyamba. Mu funso lathu A anapeza K57 miliyoni yopangira madesiki pa kampani yawo. Njira imene anaipezera ndalamayo mwina ikanathekanso ku kampani ya ku Luwinga. Palibe angadziwe, chifukwa bodi sinapatsidwe mpata woyesa.

Tsopano mawu oti kampani inaukana yokha. Werenganinso masiku. Bodi inalankhula mu Febuluwale za maoda akuluakulu mwachisawawa. Madesiki anabwera mu Malichi. Bodi singakane chinthu chimene sinauzidwe. Mlandu wa Bhullar wa 2003 ndi wofanana zedi: bodi ya kampani ya banja inali itanena kuti sigulanso malo ena, kenako madayilekitala awiri anagula okha malo oyandikana ndi a kampani osauza anzawo. Khothi linati amayenera kuuza bodi, chifukwa inali nkhani imene kampani ikanafuna kuidziwa.

Kaning'ina
Koma pali mlandu wa ku Canada umene dayilekitala anapambana. Peso.

Dada_wa_Maakaunti
Ulipo, Peso Silver Mines ndi Cropper wa 1966, ndipo ndi umene loya wa A angadalire. Kumeneko mwayi weniweniwo, malo a migodi, unafika pamaso pa bodi, bodi inaukambirana ndi kuukana mokhulupirika, ndipo pambuyo pake ndi pamene dayilekitala anautenga ndi anzake. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Mu yankho muutchule ngati mbali ya A, kenako muonetse chifukwa chake sukugwira. Yankho lopanda mbali ya A limaoneka lopendekera.

Masasa_Mz
Nanga mwini sukulu akanakhala kuti anati ndikufuna inuyo Bambo A, kampani yanuyo sindikuifuna?

Mlembi_wa_Bodi
Sizisintha. Ndi nkhani ya Industrial Development Consultants ndi Cooley ya 1972. Bungwe la gasi linauza Cooley kuti likufuna iyeyo osati kampani yake, iye ananamizira kudwala kuti amasulidwe pa ntchito, natenga kontirakitiyo. Jaji anavomereza kuti mwayi woti kampani ikanaipeza unali wochepa kwambiri, komabe anamulamula kubweza phindu lonse.

Chibavi92
Mvula yayambanso kuno ku Chibavi, netiweki ikudukaduka. Loweruka tikumanabe ku Katoto?

NyaLuwinga
Eya, 2 koloko. Koma yankho lachitsanzo likhale litabwera kale kuti tidzakambirane pomwepo. A Mlembi, tithandizeni.

Mlembi_wa_Bodi
Nali. Ndalilemba monga ndingalembere m'chipinda cha mayeso, pa mphindi 45. Pamene ndanena lamulo la 2013 muikepo nambala ya gawo.

Madayilekitala ali ndi udindo kwa kampani, osati kwa mwini masheya aliyense payekha, monga unanenera mlandu wa Percival ndi Wright wa 1902. Ndi anthu osungitsidwa chuma ndi mphamvu za kampani, choncho Lamulo la Makampani la 2013 limawalamula kupewa kuwombana kwa zofuna zawo ndi za kampani, ndiponso kuulula kukhudzidwa kwawo pa malonda amene kampani ikufuna kuchita. Nkhani za Bambo C zilipo zinayi: matabwa, madesiki, chigamulo cha eni masheya, ndi njira yopitira kukhothi.

Pa matabwa, A anali okhudzidwa kudzera mwa mkazi wawo, mwini kampani yogulitsa. Amayenera kuulula kwa bodi yonse mtundu ndi kukula kwa kukhudzidwako malonda asanachitike. Sanatero. Kudziwa kwa B sikuwathandiza chifukwa B anamva kunja kwa bodi ndipo C sankadziwa. Mu mlandu wa Aberdeen Railway ndi Blaikie wa 1854, wapampando wa kampani ya njanji analinso mmodzi wa eni bizinesi yogulitsa zitsulo kwa kampaniyo, ndipo khothi linati kontirakiti yotere kampani ikhoza kuikana popanda kufunsa ngati mtengo unali wabwino. Pano mtengo sunali wabwino n'komwe, unaposa wa pamsika ndi K4,000 pa thabwa. Kontirakitiyi si yakufa chiyambire, koma kampani ili ndi ufulu woithetsa. Ufuluwu umatha ngati zinthu sizingabwezedwe mmene zinalili, ndipo poti matabwa anachekedwa kale n'kupangidwa mipando, kuithetsa n'kovuta. Chotsala ndi ndalama. Kampani ikhoza kufuna kwa A chipukuta misozi cha K8 miliyoni, kusiyana kwa K48 miliyoni ndi K40 miliyoni. Ikhozanso kuyesa kulondola phindu la K14 miliyoni limene kampani ya mkaziyo inapeza, koma iyenera kuonetsa kuti phindulo linafika kwa A, kapena kuti wogulitsayo ankadziwa kuti A akuphwanya udindo wawo. Singalandire zonse ziwiri pa cholakwa chimodzi. B akhoza kufunsidwa za kusasamala chifukwa chokhala chete.

Pa madesiki, A anamva za mwayiwo ali pa ntchito ya kampani, kwa kasitomala wa kampani, ndipo kupanga madesiki ndi ntchito yeniyeni ya kampaniyo. Malinga ndi Regal Hastings ndi Cooley, zilibe kanthu kuti kampani ikanatha kutenga kontirakitiyo kapena ayi. A anganene kuti bodi inakana maoda akuluakulu, modalira Peso, koma mu Peso bodi inaona mwayi weniweniwo ndi kuukana, pamene pano sinauzidwe, ndipo Bhullar akuonetsa kuti chigamulo chachisawawa cha m'mbuyo sichichotsa udindo wouza bodi. A sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Ayenera kubweza phindu la K15 miliyoni, ndiye kuti K72 miliyoni kuchotsa K57 miliyoni. Kudutsitsa kontirakiti mu kampani yawo yatsopano sikuwabisa, chifukwa chimene A akudziwa kampani imeneyo ikudziwanso.

Pa chigamulo cha eni masheya, eni masheya akhoza kukhululukira dayilekitala atauzidwa zonse, koma ambiri sangagwiritse ntchito mavoti awo kudzipatsa chuma cha kampani. Mu Cook ndi Deeks wa 1916, madayilekitala atatu anatenga kontirakiti ya njanji imene imayenera kupita ku kampani, kenako ndi mavoti awo 75 pa 100 anadutsitsa chigamulo choti kampani ilibe nayo gawo. Khothi linakana chigamulocho. A achita chimodzimodzi ndi mavoti 55, choncho chigamulo chawo sichiwamasula pa madesiki.

Pa njira, wolakwiridwa ndi kampani, ndipo malinga ndi Foss ndi Harbottle wa 1843 woyenera kusuma ndi kampaniyo. C ayambe ndi bodi, kumene iwo ndi B ali awiri pa atatu ndipo akhoza kugamula kuti kampani isume. B akakana, kapena A akagwiritsa ntchito masheya awo kutsekereza, C apemphe chilolezo cha khothi kuti asume m'dzina la kampani, poonetsa kuti wolakwayo ndi yemwe akuilamulira. Ndalama zopezeka zidzapita ku kampani, osati kwa C. Ngati C akufuna kutuluka, akhoza kudandaula kuti kampani ikuyendetsedwa mopondereza eni masheya ochepa ndi kupempha kuti masheya awo agulidwe pa mtengo woyenera. Kuchotsa A pa udayilekitala ndi mavoti sikungatheke chifukwa B ndi C pamodzi ali ndi 45 okha.

NyaLuwinga
Yewo chomene, a Mlembi. Ya bodi ija, yoti B ndi C ndi awiri pa atatu, sindinaione n'komwe. Ndimangoona 55 ija.

Mlembi_wa_Bodi
Ambiri amatero. Pa bodi amawerenga manja, pa msonkhano wa eni masheya amawerenga masheya. A ndi ochepa pa bodi koma ochuluka pa msonkhano. Ngozi yake ndi yakuti, ngati malamulo oyendetsera kampaniyo akulola, akhoza kugwiritsa ntchito 55 yawo kuchotsa B ndi C pa bodi, n'chifukwa chake njira ya chilolezo cha khothi iyenera kukhalamo ndithu.

Dada_wa_Maakaunti
Yankho ndi labwino, koma pa ndime ya chigamulo ndili ndi mawu. Mwati sichiwamasula pa madesiki, pa matabwa mwakhala chete. Wochonga watcheru adzafunsa. Pali mlandu wa North-West Transportation ndi Beatty wa 1887, umene dayilekitala anagulitsa sitima yake ku kampani, navota ngati mwini masheya kuvomereza malondawo, ndipo khothi linalola. Ndiye A anganene kuti pa matabwa voti yawo ikuwerengedwa.

Mlembi_wa_Bodi
Zoona, ndinadumpha. Koma mu Beatty mtengo wa sitimayo unali woyenera ndipo kampani inkaifuna. Pano pali K8 miliyoni yapamwamba imene yachoka ku kampani kupita ku banja la A. Kwa ine kumeneko ndi kudzipatsa chuma cha kampani, ndiye ndi Cook ndi Deeks basi.

Dada_wa_Maakaunti
Ine sindingalembe motsimikiza choncho. Kugula modula si chimodzimodzi ndi kulanda kontirakiti yonse. A anganene kuti K24,000 inaphatikiza thiransipoti kuchokera ku Chikangawa, kapena matabwa anali ouma bwino, kapena anapatsidwa pa ngongole. Funso silinanene zimenezo koma silinazikanenso. Ndingalembe kuti pa madesiki chigamulo chikugwa mosakayikitsa, pa matabwa pali mtsutso, ndipo chikhoza kugwa pa zifukwa ziwiri: mtengo wopitirira, komanso ngati eni masheya sanauzidwe manambala onse asanavote. Ku Britain anathetsa mtsutsowu ndi gawo 239, limene limati mavoti a dayilekitala wolakwayo ndi a abale ake sawerengedwa. Ndi muyeso umenewo mavoti 55 aja sakanawerengedwa, akanagamula ndi B ndi C okha.

Mlembi_wa_Bodi
Pa kalembedwe ndavomera, mbali zonse ziwiri zilembedwe. Pa mathero ake ndikuonabe kuti khothi silingalole munthu kudzikhululukira yekha K8 miliyoni.

Kaning'ina
Funso lina. A anagwira ntchito pa madesiki aja, anayang'anira akalipentala, anathamanga. Abweze K15 miliyoni yonse osatsala ndi kalikonse?

Dada_wa_Maakaunti
Zimene anawonongadi pa matabwa, misomali, vanishi ndi malipiro a antchito zachotsedwa kale mu K57 miliyoni. Malipiro a thukuta lawo ndi nkhani ya chifundo cha khothi. Mu Boardman ndi Phipps khothi linapereka malipiro otere chifukwa anthuwo anachita moona mtima. Koma mu Guinness ndi Saunders wa 1990 linaonetsa kuti kwa dayilekitala silipereka mwachisawawa, kuopa kulimbikitsa khalidwe lomwelo. A anabisa, ndiye mwayi wawo ndi wochepa. Chiganizo chimodzi chikukwana.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pa manambala ndi kulemba kuti abweze K72 miliyoni. Imeneyo ndi mtengo wa kontirakiti, si phindu. China ndi kuphatikiza 8 ndi 14 kukhala 22. K8 miliyoni ija ili kale mkati mwa K14 miliyoni: mkazi anagula pa 17, msika unali pa 20, anagulitsa pa 24. Kuchoka pa 17 kufika pa 24 ndi 7 pa thabwa, ndipo 4 mwa 7 ameneyo ndi amene kampani inataya.

Masasa_Mz
Pa K14 miliyoni pomwepo. Gulliver mwiniwake uja anabweza?

Mlembi_wa_Bodi
Sanabweze, ndipo mwagwira mfundo yabwino. Gulliver anali wapampando, koma masheya ake anapezera anthu ena oti agule, phindu silinalowe m'thumba mwake, ndiye khothi silinamulamule kubweza. N'chifukwa chake ndinalemba mosamala pa K14 miliyoni. Phindu lili ku kampani ya mkazi, osati kwa A. Pa madesiki palibe vuto limeneli chifukwa kampani yatsopanoyo ndi ya A eni ake.

Chibavi92
Ndiye malikisi 25 tigawe bwanji? Ndimathera nthawi yonse pa mbali yoyamba.

Mlembi_wa_Bodi
Mmene ndikuonera ine, mawu oyamba 2, matabwa 7, madesiki 8, chigamulo 4, njira 4. Musafotokoze nkhani yonse ya mlandu uliwonse. Dzina, chaka ngati mukuchikumbukira bwino, mfundo yake, kenako bwererani kwa A ndi matabwa awo. Mukaiwala dzina fotokozani nkhani yake mwachidule, ndi bwino kuposa kulemba dzina lolakwika. Ndipo musakopere maudindo onse a dayilekitala kumayambiriro, tchulani okhawo amene nkhaniyi ikuwakhudza.

NyaLuwinga
Loweruka ndibweretsa buku la lamulo la 2013 kuti tilembe nambala za zigawo m'mphepete mwa yankholi. A Dada ndi a Mlembi, ya matabwa ndi chigamulo ija tidzaione limodzi ndi mawu enieni a lamulo lathu. Wina abwere ndi malamulo oyendetsera kampani iliyonse, tidzaone mmene amalembera za dayilekitala wokhudzidwa pa kuvota.

Mwana_wa_Zolozolo
Ndibweretsa a kampani yathu, ndikufunanso ndione ngati amalume amaloledwa kuvota pa lendi ija.